Ndalama ikudulidwa kawiri pamwezi, nyimbo zili ku akaunti ina: nkhani ya mayi a ku Chilomoni

Ndimakonza mafoni ndi malaputopu ku Limbe, ndipo masiku ano ntchito yambiri yomwe imandipeza si ya sikirini yosweka ayi, koma ya maakaunti. Nkhani iyi ndailemba chifukwa pa tsiku loyamba ndinachita zinthu mosatsata dongosolo, ndipo kukadapanda kufunsa funso limodzi mayi ali kale pakhomo, akadapita kwawo akuganiza kuti vuto latha, n'kudulidwanso ndalama patatha masiku atatu.

Mayiwa ndi mphunzitsi wopuma pa ntchito, amakhala ku Chilomoni, ndipo ndi amene amaphunzitsa nyimbo kwaya ya amayi kumpingo kwawo. Anafika Lachitatu pa 6 Ogasiti cha m'ma 10 koloko m'mawa, atanyamula foni ya Android ndi khadi ya banki yomwe amalandirira penshoni. Dandaulo lawo linali lachidule. "Mwanangu, chinthu chanyimbo chija ndinachifufuta kalekale mu Juni, koma kubanki akundidulabe. Tandichotsereni." Ankanena za Spotify Premium. Kampaniyi inayamba kugwira ntchito m'Malawi muno mu 2021, ndipo malisiti a mayiwa anali m'madola. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tindalama ta madola tomwe kale anthu sankatiwerengera tikumveka kuwawa, makamaka kwa munthu wodalira penshoni.

Choyamba kuwafotokozera chinali chodziwika kwa ife tonse: kufufuta pulogalamu pa foni sikuletsa malipiro. Pangano lolipira mwezi ndi mwezi silikhala m'foni, limakhala pa akaunti, ndipo khadi ikalembetsedwa kamodzi, ndalama imachoka yokha osafunsanso nambala yachinsinsi ija banki imatumiza. Ndinawauza kuti zili ngati kutseka zitseko za nyumba ya lendi n'kuchoka osatsanzika kwa eni nyumba: mwezi ukatha lendi imawerengedwabe. Anamva msanga.

Ndinatsegula bulawuza pa laputopu yanga, pa zenera lija losasunga mbiri, n'kupita pa spotify.com/account. Foni yawo ili ndi Gmail imodzi yokha, choncho tinalowa podina Continue with Google. Akaunti inatseguka, ikuonetsa Premium, tsiku lodulanso ndalama 23 Ogasiti, ndi manambala anayi omaliza a khadi yawo. Zonse zinkagwirizana. Ndinadina poletsa, n'kudutsa masamba onse ofunsa ngati tatsimikiza, mpaka tsambalo linaonetsa kuti Premium itha pa 23 Ogasiti ndipo akaunti ibwerera ku yaulere. Ntchito yonse mphindi khumi sizinakwane.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinaletsa ndisanaone mauthenga a kubanki, ndisanawerengenso zomwe zili mu akauntimo. Ndinakhulupirira tsamba lomwe linali patsogolo panga chifukwa khadi inali yomweyo.

Akulongedza zinthu m'chikwama, ndinawatsimikizira kuti mindandanda ya nyimbo zawo sitayika, poti akaunti yaulere imasungabe mapuleyilisiti onse ndi nyimbo zomwe munthu anazikonda. Yankho lawo ndi lomwe linandiimitsa. "Iii, zimenezo musavutike nazo. Zinapita kale ndi foni yakale ija. Zaka zitatu ndikusonkhanitsa, za Pasaka pazokha, za maliro pazokha, za ukwati pazokha." Ndinafunsa kuti inalipo mindandanda ingati. Anati 14, kapena kuposerapo pang'ono. Mu akaunti yomwe tinali titangoletsa munali iwiri yokha, yonse yopangidwa chaka chomwechi.

Anzanga okonza mafoni, mawu amenewa muziwatchera khutu. Puleyilisiti ya Spotify sikhala m'foni, ndiye singafe ndi foni. Munthu akakuuzani kuti nyimbo zake zinasowa atasintha foni, kawirikawiri ndiye kuti pa foni yatsopanoyo analowa mu akaunti ina. Ndipo ngati akaunti yakaleyo inali yolipira, palibe amene anaiuza kuti mwini wake wasamuka.

Ndinawapempha akhalenso pansi, n'kutsegula mauthenga a kubanki. Pofufuza dzina la kampaniyo m'mauthengamo, zinaonekeratu poyera: ndalama inkachoka pa 9 ndi pa 23 mwezi uliwonse. Mayiwa sanazindikire kuti ndi kawiri chifukwa ndalamayo inali yofanana, ndipo mauthengawo ankasakanikirana ndi a mayunitsi a magetsi ndi ena otsatsa malonda. Iwo ankangodziwa kuti "akundidula."

Titalumikiza nkhani yonse, inali motere. Akaunti yoyamba anawatsegulira ndi mwana wawo wamwamuna asanapite ku Joni, pogwiritsa ntchito imelo yake ya Yahoo koma khadi ya mayi ake. Imeneyi ndi ya pa 9. Pakati pa Malichi foni inagwera m'beseni la madzi n'kufa. Atagula ina, mdzukulu wawo wa ku sekondale anawaikira pulogalamuyo, ndipo poti pasiwedi yakale panalibe woidziwa, anangodina Continue with Google. Gmail ya mayiwa sinali yolembetsedwa pa akaunti iliyonse, choncho panabadwa akaunti yatsopano yopanda kanthu. Inabwera ndi mwezi woyeserera waulere, mdzukulu analowetsa khadi pa 23 Malichi, ndipo pa 23 Epulo kudula kunayamba. Kuchokera Epulo mpaka Julayi analipira kasanu ndi katatu: kanayi ku akaunti yatsopano, kanayi ku yakale yomwe panalibe ankaimvera. Kuyambira Juni, atafufuta pulogalamu, onse awiri ankalipiridwa popanda nyimbo ngakhale imodzi kumveka.

Tsono tinali pa 6, kudula kotsatira pa 9, lomwe linali Loweruka, ndipo kiyi wa akauntiyo anali mu imelo ya munthu yemwe ali ku South Africa, wogwira ntchito usiku, yemwe foni yake sinkayankhidwa.

Mayi anabwera ndi nzeru ziwiri zomwe pafupifupi kasitomala aliyense amabwera nazo. Yoyamba inali yoti akatape ndalama yonse kubanki kuti odulawo akapeze mopanda kanthu. Ndinawaletsa. Malipiro akakanika, pangano silithera pomwepo. Amayeseranso m'masiku otsatira, ndipo tsiku lomwe mwana angatumize kandalama kapena penshoni ingalowe, ikhoza kudulidwa nthawi yomweyo. Kuonjezera apo, mayi wachikulire kuyenda ndi penshoni yonse m'chikwama pa minibasi ya Limbe kukafika ku Chilomoni ndi chiopsezo chachikulu kuposa ndalama yomwe tinkateteza. Yachiwiri inali yotseketsa khadi. Imeneyi imagwiradi ntchito, koma mtengo wake ndi wolipira khadi yatsopano, kudikira, ndi kuima pa mzere mkati mwa banki masiku onse odikirawo. Ndinaisunga ngati njira yomaliza. Tinagwirizana kuti ngati pofika Lachisanu masana sitinalowe mu akaunti yakale, apite kubanki akafunse ngati angatseke malipiro a pa intaneti okha pa khadiyo, poti mabanki ena amalola zimenezi osapha khadi yonse. Ndinasankha Lachisanu masana osati Loweruka m'mawa chifukwa "pa 9" sikutanthauza kuti adikira kuti kuno kuche. Ndinaonapo mauthenga odula ndalama olowa pakati pa usiku. Ine tsiku lolembedwalo ndimaliwerenga ngati latha kale, malire enieni ndi dzulo lake.

Mwanayo anayankha pa WhatsApp Lachinayi m'mawa. Pasiwedi anali ataiwala, koma imelo ya Yahoo ankalowabe. Ndinamupempha kaye afufuze mawu oti Spotify m'bokosi la imeloyo, ndipo anapeza malisiti a pa 9 mwezi ndi mwezi. Uwu unali umboni woti akaunti ndi yomweyo tisanayambe kusintha chilichonse. Sindinamupemphe pasiwedi ya imelo yake, ndipo sindikulangiza aliyense kutero. Anapempha yekha linki yosinthira pasiwedi ya Spotify, anaika yatsopano, n'kuwaimbira mayi ake kuwauza pakamwa. Anali wokonzeka kuletsa yekha ali konko, koma ndinamupempha asadine kanthu mpaka titasunga nyimbo, chifukwa m'mawu ake ndinamva kuti akufuna "kutsekeratu akauntiyo." Ndibwereranso ku mawu amenewa.

Mayi anafika Lachinayi masana, magetsi atangoyaka kumene. Titalowa, mindandanda inalipo 16, nyimbo zoposa 600, mayina ake momwe anawalembera okha zaka zapitazo. Anakhala chete kwa kanthawi akutsitsa sikirini ndi chala, kenako n'kuyamba kung'ung'udza imodzi ya Pasaka. Sindinawafulumizitse.

Ulendo uno ndinatsata dongosolo lomwe ndikanayenera kutsata dzulo lake: kusunga kaye, kuletsa pambuyo. Kuletsa Premium pakokha sikufufuta puleyilisiti, zimenezo n'zoona, koma pamene pali maakaunti awiri, anthu atatu ndi maganizo otseka imodzi, chala chikhoza kudina polakwika. Pa pulogalamu ya Spotify ya pa kompyuta ndinatsegula puleyilisiti iliyonse, kudina nyimbo imodzi, kenako Ctrl+A ndi Ctrl+C, n'kumata mu Notepad. Zomwe zimatuluka ndi malinki, mzere umodzi nyimbo imodzi, ndipo malinki omwewo mukawakopa n'kuwamata mu puleyilisiti yopanda kanthu, nyimbo zimabwerera. Mafayilo 16 anatenga pafupifupi theka la ola. Kuipa kwake n'koti linki siuza munthu dzina la nyimbo, choncho pa mindandanda inayi yomwe mayi anati ndi ya mtima wawo ndinajambulanso masikirini kuti mayina a nyimbo ndi a makwaya aziwerengeka ndi maso. Tinapemphanso Download your data pa tsamba la zachinsinsi la akaunti. Imeneyi imabwera pa imelo patapita masiku, muli fayilo ya mapuleyilisiti ndi mayina a nyimbo, koma poti sifika tsiku lomwelo, siyodalira pamene kudula kuli mkucha.

Kenako ndinayang'ana chinthu chomwe ambiri timachidumpha: kodi ndalama imadutsa kuti? Tsamba la akaunti limanena ngati munthu amalipira mwachindunji ndi khadi kapena kudzera ku kampani ina. Zikakhala kuti zimadutsa kwina, batani loletsa simulipeza pamenepo, muyenera kukaletsa komwe kumadutsa ndalamako. Pa mapulogalamu olipiridwa kudzera ku Google, ndi mu Play Store pa Payments & subscriptions. Pa iPhone ndi mu Settings, kudina dzina la mwini foni, kenako Subscriptions. Ndinaonanso ngati si pulani ya Family kapena Duo, chifukwa pamenepo woletsa ndi mwini pulani yekha, ndipo akaletsa, onse omwe ali pansi pake amagwera ku yaulere. Ya mayiwa inali ya munthu mmodzi, yolipira ndi khadi mwachindunji.

Kuletsa kwenikweni n'kwachidule, koma pali msampha umodzi. Mukadina poletsa, pamabwera masamba okumbutsa zomwe mutaye ndi ofunsa ngati mwatsimikiza. Mawu a pa mabataniwo amasinthasintha, ndiye musaloweze mawu, lowezani chizindikiro chakuti zatheka. Ngati tsamba la akaunti likunenabe tsiku lomwe mudzalipirenso, simunaletse. Likayamba kunena tsiku lomwe Premium idzathe, mwaletsa. Anthu ambiri amene amalumbira kuti analetsa koma akudulidwabe anaimira pa tsamba lachiwiri. Ife tinafika kumapeto cha m'ma 3 koloko Lachinayi pa 7, ndinatuluka mu akaunti n'kulowanso kuti ndione ngati uthengawo ukadalipo, ndinajambula sikirini tsiku likuoneka, ndipo ndinapempha mwana uja aone ngati kwafika imelo yotsimikizira. Inafika.

Funso lomwe linatsala linali la akaunti yoti isungidwe. Yakale ndiyo inali ndi chuma, koma inali pa imelo ya munthu wina. Yatsopano inali pa Gmail ya mayi, koma munali mindandanda iwiri yokha. Kusamutsa iwiri n'kosavuta kuposa kusamutsa 16, choncho tinasunga yakale. Apa pali kusiyana komwe ndikufuna anzanga akumvetse bwino. Mukatsegula linki ya puleyilisiti ya akaunti ina n'kudina kachizindikiro koisunga, simunaikope. Mwangoitsatira, mwini wake akadali akaunti ija, ndipo akauntiyo ikatsekedwa musayembekezere kuti puleyilisitiyo ikhalapobe. Kukopa kwenikweni ndi kupanga puleyilisiti yatsopano mu akaunti yomwe mukusunga n'kuthiramo nyimbozo, kaya pomata malinki aja kaya podina timadontho titatu ndi Add to other playlist. Tinatero, ndipo ndinawerenga nyimbo mbali zonse ziwiri: 41 ndi 41, 27 ndi 27.

Imelo ya akaunti yakale sitikanatha kuisintha kuti ikhale Gmail ya mayi, chifukwa imelo imodzi singakhale pa maakaunti awiri. M'malo molimbana nazo, tinawatsegulira imelo ina yatsopano, n'kuiika pa foni yawo, ndi kusinthira akaunti yakale kumeneko. Izi tinachita Lolemba lotsatira, fayilo ya deta ija itafika kale kwa mwana wawo n'kutitumizira. Pasiwedi anailemba okha m'kabuku kawo ka nyimbo, ine ndikuyang'ana kumbali.

Tibwerere ku mawu a mwana uja oti "kutsekeratu." Kuletsa Premium ndi kutseka akaunti ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, koma m'Chichewa chathu zonse timangoti kutseka, ndipo apa ndi pomwe nyimbo za anthu zimafera. Kuletsa kumasiya akaunti yamoyo, yaulere, mindandanda ili momwemo. Close account imafafaniza akauntiyo pamodzi ndi mapuleyilisiti ake, ndipo mwayi woibweza ndi wa masiku 7 okha kudzera pa linki yomwe amatumiza pa imelo. Mwanayo akadachita zomwe ankaganiza Lachinayi m'mawa, mwa chikondi chofuna kuthandiza mayi ake, ntchito ya zaka zitatu ikadadalira kuti wina azindikire sabata isanathe. Izi n'zosiyananso ndi kufufuta puleyilisiti imodzi mwangozi, komwe kuli Recover playlists pa tsamba la akaunti, yobweza zomwe zafufutidwa m'masiku 90 apitawo. Ndiye kasitomala akati "nditsekereni," ndimafunsa kuti, mukufuna ndalama isiye kuchoka, kapena mukufuna zonse zifafanizike? Sindinakumanepo ndi woyankha chachiwiricho atamva kusiyana kwake. Ngakhale akaunti yatsopano ya mayiwa sitinaitseke. Ili pa yaulere, siidya kanthu, ndipo tinangotulukamo pa foni kuti isawasokonezenso.

Chinthu chimodzi ndinawauziratu kuti asadzandidandaule: nyimbo zodawuniloda zomvera popanda intaneti zimatha limodzi ndi Premium. Si mafayilo a MP3 oti n'kuwakopera pa memori khadi, zimaseweredwa mkati mwa pulogalamu yokha malinga ngati munthu akulipira. Pa akaunti yaulere mndandanda umaoneka wonse, koma kumvera kumafuna bandulo ndipo pamalowa zotsatsa malonda. Kwa mayi ophunzitsa kwaya m'tchalitchi momwe netiweki imavuta, ili si vuto laling'ono. Ndinawayatsira Data Saver, ndipo iwo anaganiza zoti nyimbo yoti aphunzitse aziimvera kunyumba n'kulemba mawu ake m'kabuku, monga ankachitira kale ndi wailesi. Anafunsa ngati atafuna kubwerera mu Disembala, nyengo ya nyimbo za Khirisimasi, angayambirenso pomwe anasiyira. Ndinati inde, pa akaunti yomweyi, ndipo akhoza kulipira mwezi umodzi n'kuletsa tsiku lomwelo, chifukwa mwezi wolipiridwa kale umatha wonse. Ndinawachenjeza kuti lamulo limeneli asalitengere ku mwezi woyeserera waulere, komwe kuletsa kukhoza kudula Premium nthawi yomweyo. Ndinawachenjezanso kuti si makampani onse anyimbo omwe ali ndi gawo laulere. Kwa omwe alibe, monga Apple Music, munthu akasiya kulipira sangadalire kuti mindandanda yake imudikira, choncho kumeneko kusunga mayina a nyimbo musanaletse n'kofunika koposa.

Za ndalama ya miyezi inayi yomwe inapita pachabe, sindinawalonjeze kanthu. Mdzukulu anati apite kubanki akanene kuti abedwa, koma ndinakana kuwathandiza kunena zimenezo, chifukwa khadi inalowetsedwa ndi a m'banja momwemo, mayi akudziwa, ndipo kunena kuti ndi kuba kukanangochititsa kuti khadi itsekedwe pa nkhani yosakhala yoona. Ndinawaonetsa polembera a kampaniyo kufotokoza za maakaunti awiriwo, malisiti ali pamanja. Mayi anati aganizira, ndipo mpaka pano sanabwere nayo nkhaniyo.

Pa 9 Ogasiti uthenga wa kubanki sunabwere. Ndinawapempha adikirebe mpaka pa 12 asanasangalale, poti mauthenga ena amachedwa, ndipo Lachiwiri anatenga sitetimenti yaifupi pa makina a banki: panalibe chodulidwa. Pa 23 panadutsanso bwinobwino, chimodzimodzi pa 9 ndi pa 23 Seputembala. Akaunti yomwe akugwiritsa ntchito tsopano ili ndi mindandanda 18. Nyimbo zisanu ndi ziwiri mwa zakale zija zikuoneka zotuwa, sizikuseweredwa, kusonyeza kuti sizikupezekanso pa Spotify kuno, ndipo zimenezi sizikukhudzana ndi kuletsa kwathu. Mayina ake ali mu fayilo ya deta ija, ndipo mayi apeza kale zitatu mwa izo kwa mnzawo wa kwaya ya ku Ndirande yemwe anali nazo pa CD.